Zimene Ndinadula mu Voisi ya Amalume

Mundikhululukire kuti munthu ngati ine ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ku Katuli, ndipo ndinalekezera Fomu 2. Zonse zimene ndinalembapo kale anali mawu a munthu wina, ine n'kungobwereketsa dzanja. Aka n'koyamba kulemba mawu anga, choncho pamene ndaphonya mundipirire. Mayina sinditchula, chifukwa eni nkhaniyi ali moyo ndipo timakumanabe pamaliro ndi pamaukwati.

Amalume anga, alongo awo a mayi, ali ndi shopu ya masipeya a njinga zamoto pa Chiponde, pafupi ndi malire. Amagulitsa matayala, matcheni, mapulagi ndi oyilo, ndipo ogula ambiri ndi anyamata a kabaza amene amakhalira kuwolotsa anthu ndi katundu kupita ku Mandimba. Nditasiya sukulu anabwera kumudzi kudzanditenga. Anauza mayi kuti mwana wa mlongo wawo sangamakalambire pakhonde iwo ali ndi ntchito. Kwathu mawu amenewo ndi olemera, pakuti mwana wa mlongo ndiye wa m'mbumba mwa munthu, ndipo mayi anandiperekeza mpaka pamsewu akumwetulira ngati ndikupita kukalandira shopu yonseyo.

Amalume amawerenga Kurani mokoma kwambiri, koma zilembo za kusukulu zimawavuta. Kuwerenga amawerenga, chala chikuyenda pansi pa mzere, milomo ikugwedera. Kulemba ndiye ayi. Choncho ntchito yanga yeniyeni sinali ya pakauntala. Iwo akakhala paulendo, kapena ataima penapake ndi njinga, ankajambula mawu pafoni n'kunditumizira voisi, ine n'kuisandutsa kalata.

Njira yake ndinaiphunzira ndekha, molakwitsalakwitsa. Poyamba ndinkalemba m'kope chilichonse chimene ndamva, osasiya kanthu, ngakhale “eee” ndi “chani” ndi “tadikira adutse uyu”. Ndinkamvera pang'ono, kuimitsa, kulemba, kubwezanso m'mbuyo kuti nditsimikize. Voisi ya mphindi zitatu inkandidyera pafupifupi theka la ola. Pamene mawu aphimbidwa ndi phokoso la injini ndinkaika timadontho n'kulemba mphindi yake m'mbali, kuti ndidzafunse. Kenako ndinkatenga cholembera chofiira n'kuyamba kudula: zodzaza pakamwa, zobwerezabwereza, zolankhula ndi anthu odutsa. Amalume amasakaniza Chiyao ndi Chichewa m'chiganizo chimodzi, ndiye ndinkazibweretsa zonse ku Chichewa. Akanena chinthu n'kudzikonza okha, monga “matcheni makumi awiri, ayi, makumi atatu”, ndinkasunga chomalizacho, chifukwa ndicho chimene aima nacho. Chiganizo chimene achiyamba n'kuchitaya panjira sindinkachimalizitsa ine. Ndinkachisiya, kapena kufunsa.

Chimene chinkapeputsa ntchito n'chakuti nthawi zonse ankayamba ndi kunena cholinga. Ankati iyi ndi ya kwa mwenye wa ku Limbe wotitumizira katundu, kapena iyi ndi yokawerenga ku komiti ya pamzikiti, kapena iyi ndi yodandaula kwa mwini nyumba za denga. Ukadziwa kumene kalata ikupita umadziwa chosunga ndi chotaya. Kwa mwenye nkhani ya mutu wawo wowawa sinkalowa. Kwa a komiti malonje ankatalika, ndipo mkwiyo ndinkaufewetsa. Akaimva ikuwerengedwa ankagwedeza mutu n'kunena kuti ndi zomwezo, mphwanga, ndi zomwezo. Mawu amenewo ndinkawayembekezera tsiku lonse. Kwa zaka ziwiri ine ndinali dzanja la amalume, ndipo panalibenso wina.

Kenako mwana wawo anabwera. Msuweni wangayu anakulira kwa mayi ake m'tauni ya Mangochi, n'kukaphunzira za makaniko ku Blantyre. Tinabadwa chaka chimodzi, koma iye ankalowa m'shopu ngati mwini mphepo yonse ya m'menemo. Tsiku loyamba lomwelo anasuntha mashelefu, n'kuika mapulagi pafupi ndi khomo. Anyamata a kabaza anamukonda msanga chifukwa ankangomvera kulira kwa injini n'kuwauza chavuta. Ine ankanditcha alembi. Akandipeza nditawerama pakope, foni ili kukhutu, ankati alembi a boma ali pamsonkhano, tisawasokoneze. Chisuweni chimalola zotere, ndipo ndinkaseka nawo, koma kuseka kwanga kunkathera m'mano.

Tsiku lina anati ndikudzivutitsa chabe, masiku ano foni imalemba yokha zimene munthu wanena. Anatenga voisi ya bambo ake n'kuiyesa pamaso pa anthu. Zimene zinatuluka zinali zilembo zopanda mutu, theka Chingerezi theka kaya chiyani, chifukwa foniyo sinathe kutsata Chiyao ndi Chichewa zosakanizana pakati pa phokoso la msewu. Anthu anaseka, iyenso anaseka n'kunena kuti alembi apulumuka. Ine ndinakondwera sabata yathunthu. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndi mmene zinalili.

Bambo ndi mwana ankakangana pafupifupi tsiku lililonse. Ankakangana za mitengo, za kumene tigule oyilo, za matayala ena amene msuweni anakana kugulitsa ponena kuti agonera nthawi yaitali ndipo ayamba ming'alu. Tsiku limenelo anawatsutsa bambo ake pamaso pa kasitomala, amalume n'kungotuluka panja. Ine sindinawatsutsepo amalume ngakhale kamodzi. Ndinkaganiza kuti zimenezi zikulembedwa penapake mumtima mwawo, kuti tsiku lina adzaika awirife pasikelo.

Chaka chimenecho Ramadhani inagwa nthawi yoti chimanga chauma m'minda. Chapakati pa mweziwo mnzawo wa amalume wa kuubwana anamwalira mwadzidzidzi ku Malindi, ndipo iwo anapita kukaika maliro. Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, foni yanga inalira. Inali voisi ya mphindi khumi ndi imodzi. Sanatumizepo yaitali choncho.

Ndinakhala kuseri kwa shopu pa kreti n'kuitsegula. Munkamveka mphepo ndi magalimoto, kusonyeza kuti aima m'mbali mwa msewu pobwerera. Mawu awo anali ouma ndi swaumu, kusala kudya kwa mwezi umenewo. Ndinadikira kuti anene kuti iyi ndi ya kwa yani, koma sananene. Kope lija ndikadali nalo, ndipo chiyambi chake ndinachilemba motere:

“Eee, mphwanga. Uli pompo? Tamvera. Mwana uyu, eee, tadikira idutse iyi. Mwana uyu ndi waulesi. Ayi, ulesi ayi, ndanama. Ndi woti sathamangira chinthu asanachione bwino, ngati malemu agogo ake. Eee. Ndiye tsiku lija la matayala lija anandichititsa manyazi pamaso pa, iyayi, ndinadzichititsa ndekha, iye ankanena zoona, matayala aja anali otha. Kaya ukundimva. Sukulu yamuwononga mwana ameneyu. Sukulu, chani, yamupatsa maso amene ine ndilibe, ndi zimene ndikufuna kunena. Makiyi aja ndimati, ndimaganiza kuti, basi, zimenezo zisiye kaye.”

Zinapitirira choncho mpaka kumapeto. Anakamba za tsiku limene mwanayo anabadwa iwo ali ku Lichinga, n'kulumphira ku maliro amene achokerawo, kuti ana a malemuwo anaima pamanda ngati alendo, n'kubwereranso kwa mwana wawo. Paliponse ankayamba ndi kudzudzula, kenako n'kubweza okha mawuwo, n'kuikapo ena ofewa. Khalidwe limeneli ndinkalidziwa. Amalume sangayamike munthu molunjika. Amayamba amukalipira, kuyamikako n'kubwera pambuyo ngati kwangowapulumuka. Pomaliza anati: “Ulembe bwinobwino zimenezi. Basi.” Voisi n'kutha.

Ine ndinatchulidwamo kamodzi. Pa mphindi yachisanu ndi chitatu anati, “Iwe ndiwe wofatsa, sundivutitsa,” n'kupitiriza za mwana wawo. Malo amenewo ndinawabwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kuyembekeza kuti mwina pali kena kamene mphepo yaphimba. Panalibe. Sanandidzudzule n'komwe kuti pambuyo pake abweze mawu. Zaka ziwiri zanga zinakwana mumpweya umodzi, pamene iye, wa miyezi isanu, anadya mphindi khumi ndi imodzi. Ndinasirira ngakhale kutchedwa waulesi.

Kulemba zonse m'kope kunanditengera madzulo amenewo ndi m'mawa wotsatira. Masamba asanu ndi limodzi. Nditagwira cholembera chofiira ndinaima, chifukwa sindinkadziwa chimene ndikupanga. Ikanakhala kalata yopita kwa mwanayo, bwenzi akuti “iwe”, koma ankati “mwana uyu”. Ikanakhala ya kwa mayi ake a mwanayo, bwenzi muli malonje. Mwina anali mawu okanena kwa akuluakulu a banja, mwina wasiya, mawu otsiriza osiyira otsala, wa munthu amene waona manda a mnzake n'kuchita mantha. Chilichonse mwa zimenezi chikanafuna kadulidwe kakekake.

Ndinkadziwa choyenera kuchita. Munthu akapanda kunena cholinga, dzanja liyenera kupepuka. Uchotse zinyalala zokha, usunge mfundo zonse mundondomeko imene mwini wake anaziyala, usunge kalankhulidwe kake, ugawe ndime pamene nkhani yasintha, ndipo pamwamba ulembe funso lakuti kodi zimenezi zikupita kuti. Kapena kungoimba foni n'kufunsa. Amalume anali atabwerako, ali m'shopu momwemo, masitepe khumi kuchokera pamene ndinakhala. Sindinafunse. Ndinadziuza kuti ndikuopa kuwavutitsa ali ndi chisoni, ndiponso kuti mlembi wabwino safunsafunsa. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa yankho. Mawu aja akuti makiyi anali atandikhala pakhosi. Makiyi a shopu amalume sankapatsa munthu, ndipo ndinkadziwa dzina limene likanatsatira chiganizo chimene anachitaya panjiracho.

Ndiye ndinadula. Sindinawonjezere liwu ngakhale limodzi, ndipo zimenezi ndinkadzikumbutsa pa tsamba lililonse. Ndinangotembenuza lamulo langa lija. M'malo mosunga mawu omaliza, ndinasunga oyamba. Ndinadzinamiza kuti mawu oyamba ndiwo amachokera mumtima, obwera pambuyo ndi ulemu chabe. Cholembera chofiira chinadutsa pa “ayi, ulesi ayi, ndanama”, chinadutsa pa agogo ake, pa “iye ankanena zoona”, pa maso amene iwo alibe. Za kubadwa kwa mwanayo ndinazichotsa zonse ngati nkhani yapambali. Masamba asanu ndi limodzi anasanduka theka la tsamba, ndipo linayamba motere:

“Mwana uyu ndi waulesi. Tsiku la matayala anandichititsa manyazi. Sukulu yamuwononga. Za makiyi zisiyidwe kaye.”

Chiganizo chomalizachi ndicho chinali choipitsitsa. Iwo ankauza ine kuti ndisalembe zimenezo, chifukwa maganizo sanawamalize. Ine ndinazilemba ngati chigamulo. Mzere wonena za ine ndinauika pawokha, m'ndime yakeyake, pansi penipeni pamene diso limapumira.

Ndinakalitayipitsa pa kashopu ka fotokope kamene kali pafupi ndi pokwerera minibasi. Mtsikana wotayipayo anawerenga n'kundiyang'ana, n'kufunsa ngati mwana wotchulidwa papepalapo ndi ineyo. Ndinati ayi. Anati bola.

Amalume ndinawapatsa pepalalo atabwera ku swala ya alasiri, pemphero la chakumadzulo. Anakhala pabenchi la kuseri n'kuyamba kuliyenda ndi chala, koma atafika mzere wachiwiri anandibwezera kuti ndiwawerengere. Ndinawerenga ndi mawu abwino, osathamanga, monga mwa masiku onse. Nditamaliza sanagwedeze mutu.

“Ndinanena zimenezi ine?”

“Mawu onse ndi anu, amjomba,” ndinatero, monga timaitanira amalume m'Chiyao.

“Onse?”

“Sindinaikemo langa ngakhale limodzi.”

Anati chabwino. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la mkanjo. Amalume amalemekeza pepala. Kwa iwo chinthu chikatayipidwa ndiye kuti chaima, ndipo amakhulupirira pepala kuposa chikumbumtima chawo. Zimenezinso ndinkazidziwa pamene ndinkadula.

Ndinayembekezera kuti mkangano wotsatira ukhala waukulu, ndipo msuweni abwerera kwa mayi ake. Ndinkadziona ndikutsegula shopu m'mawa, makiyi ali m'manja, anyamata a kabaza akundipatsa moni poyamba. Koma mkanganowo sunabwere. Patapita masiku atatu amalume anayamba zachilendo. Msuweni akanena mtengo, iwo ankangoti chabwino. Nthawi yofutulu, pomasula kusala dzuwa litalowa, ankamuitana kuti akhale pamkeka pawo, n'kumusankhira tende wofewa, chipatso chomasulira kusala, ndi dzanja lawo, n'kumufunsa za ku Blantyre, zinthu zimene sanafunsepo chibwerereni. Ine ndinkakhala kumapeto kwa mkeka ndi kapu yanga ya madzi, ndikuwerenga tende aliyense amene akudutsa. Pepala lija linawachititsa manyazi. Ataona mawu awo ali oyera, opanda chowaphimba, sanakwiyire mwana. Anadziona okha ngati bambo wankhanza, amene ana ake adzaima pamanda ngati alendo.

Msuweni anadabwa nazo mpaka anandifunsa ngati bambo ake akudwala. Anati alembi, inu mumadziwa zinsinsi za boma, tatiuzani, mdala wapezeka ndi chiyani kuchipatala? Ndinati sindikudziwa kanthu. Anandimenya paphewa mwachisuweni n'kupita kukathandiza kasitomala, akuimba mluzu.

Masiku omaliza a Ramadhani anthu kwathu amapemphana chikhululuko, kuti Idi iwapeze opanda mangawa a mumtima. Kutatsala masiku awiri, chakumasana, amalume anaitana mwana wawo kuchipinda chosungira katundu n'kundiuza kuti ndiyang'anire kauntala. Chipindacho chimalekana ndi shopu ndi pulayiwudi chabe. Ndinamva pepala likufunyululidwa. Ndinamva amalume akunena motsitsa kuti izi ndi zimene zinali mumtima mwawo, aziona okha ndipo achita nazo mantha, mwana wawo awakhululukire. Msuweni analiwerenga. Kenako anati sakukana kuti bambo ake angamunene waulesi, amunenapo kale kambirimbiri, koma bambo ake salankhula mwachidule chonchi ngakhale pogula tomato. Anapempha kuti amve ndi makutu ake. Amalume anati mawuwo anapita kale kwa mphwawo. Iye anaseka n'kuwauza kuti voisi ikatumizidwa imatsalanso mufoni ya wotumiza, abweretse awaonetse.

Ndiye ndinamva “Eee, mphwanga. Uli pompo?” kudzera m'pulayiwudi.

Mphindi khumi ndi imodzi ndi zambiri. Panabwera mnyamata wa kabaza wofuna pulagi, ndipo ndinamupatsa ya njinga ina. Anandibwezera n'kufunsa ngati swaumu yandigwira, ndinati eya. Ndinkadziwa mzere uliwonse usanafike. Pa “ndanama” msuweni anaseka mokweza. Pa matayala anasekanso, n'kunena kuti potsiriza mwavomera. Atafika pa za kubadwa kwake, pamene amalume amanena kuti anayenda tsiku lonse pa lole ya fodya kuti akamuone ndipo atafika anaopa kumunyamula, kuseka kunatha. Sindinamve kanthu kena koma mawu a mufoni ndi mphuno ya munthu ikukokedwa. Kaya inali ya bambo kaya ya mwana. Ndinaima pakauntala ndikupukuta galasi loyera kale, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri panthawiyo si kugwidwa. Chinali chakuti iwo ali awiri mkatimo, ine ndili kunja, ndipo ndine ndawatsekera m'chipinda chimodzi.

Msuweni anatuluka osandiyang'ana, n'kukwera njinga kupita. Amalume anandiitana. Anali atakhala pa katoni ya oyilo, pepala lili pabondo limodzi, foni pabondo lina. Sanakweze mawu. Anandifunsa ngati ndinamva bwinobwino voisi yonse kapena mphepo inandisokoneza. Anandipatsa khomo lotulukira, ndipo ndikanatha kunamizira mphepo. Ndinati ndinamva yonse. Anafunsa ngati kope lija lilipo, ndinati lilipo. Anati ndikalitenge. Anatsegula masambawo n'kuyang'ana mizere yofiira. Sanafunike kuwerenga kuti aone kuchuluka kwake.

“Mawu onse ndi anga, unanena zoona,” anatero. “Koma munthu wa papepalayu sindikumudziwa. Kalembenso.”

Ndinakalembanso tsiku lomwelo, pa kreti yomwe ija. Ndinachotsa “eee” ndi “chani” ndi magalimoto odutsa. Paliponse pamene anadzikonza ndinasunga mawu omaliza. Ndinasiya nkhani m'ndondomeko yawo, ngakhale pamene analumphira ku maliro n'kubwerera, ndipo ndinangogawa ndime. Malo awiri amene mphepo inaphimbadi ndinaika timadontho. Za makiyi sindinalembe m'kati, koma pansi ndinaika mzere wakuti apa munayamba kunena za makiyi ndipo simunamalize. Mzere wanga uja ndinaubwezera pamalo pake, pakati pa ndime yaitali, pamene sunkaoneka n'komwe. Zinakwana masamba awiri, ndipo chiyambi chinali chotere:

“Mwana uyu sathamangira chinthu asanachione bwino, ngati malemu agogo ake. Tsiku la matayala ndinadzichititsa manyazi ndekha. Iye ankanena zoona, matayala aja anali otha. Sukulu yamupatsa maso amene ine ndilibe.”

Inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, ndipo chiganizo chilichonse chinkandibaya pochilemba. Nditawawerengera m'mawa mwake anamvetsera maso ali otseka. Anadzaza malo awiri a timadontho aja. Pamzere wa makiyi anati ndiufufute, zimenezo azinena ndi pakamwa. Pamenepo ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa pachiyambi, kuti kodi zimenezi zinali zopita kwa yani.

Anati nawonso sankadziwa. Anachoka kumanda kuja mutu uli wodzaza, anaima panjira, n'kuona kuti akafika kunyumba zonse zibwerera m'mimba monga mwa nthawi zonse. Ankangofuna kuti zikhale penapake. Mwina akanazisunga m'bokosi kuti mwanayo adzazipeze iwo atapita, mwina akanazing'amba. Anati ndikanawafunsa tsiku lomwelo bwenzi atandiuza kuti sakudziwa, ndipo bwenzi titaganiza limodzi, awiri. Mawu akuti awiriwo anandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Anandifunsanso chinthu chimodzi, kuti pepala loyamba lija ndinalembera yani. Ndinangotseka kope. Iwonso sanakakamize.

Pa Idi, titabwera kokaswali, amalume anapereka masamba awiriwo kwa mwana wawo mu envulopu, pamodzi ndi makiyi a shopu, pamaso pa alendo amene anabwera kudzadya mpunga. Anthu anayamika. Inenso ndinayamika, ndipo ndinathira anthu madzi osamba m'manja mpaka onse anatha. Msuweni anavala mkanjo watsopano wa mtundu umodzi ndi wa bambo ake. Wanga unali wa chaka chatha, ndipo palibe amene anachita dala, koma ndinauona.

Madzulo ake msuweni anandipeza kuseri ndikutsuka mbale za alendo. Anaima pang'ono, akuseweretsa makiyi m'thumba kuti ndiwamve, kapena mwina sankadziwa kuti akuwaseweretsa.

“Alembi, koma muli ndi luso. Munandipha ndi mawu a bambo anga omwe.”

“Pepani, asuweni.”

“Lachiwiri lija munalemba bwino. Ndaliwerenga katatu.” Kenako anati, “Mukanangondiuza kuti mukufuna makiyi, bwenzi tikumasinthana. Ine kudzuka m'mawa kumandivuta.”

Ankanena moona mtima, ndipo n'chifukwa chake ndinalephera kumukhululukira tsiku limenelo. Zinthu zimene ine ndinkazilota zaka ziwiri, iye ankatha kuzigawa ngati mtedza.

Tsiku lotsatira amalume analandira foni yochokera kwa mwenye wa ku Limbe, ndipo panafunika kalata. Ndinawaona akutenga foni, akuyang'ana kumene ndinali, kenako akuitana mwana wawo kuti akhale pafupi alembe iwo akunena. Anakangana pa chiganizo chilichonse. Iye ankawadula pakamwa n'kufunsa kuti ndiye mukufuna kunena chiyani kwenikweni, iwo n'kukalipa, kenako n'kuyankha. Kalata imene ine ndikanaikonza mwaulemu ola lathunthu inatha m'mphindi zochepa, ili ndi zolakwika ziwiri zimene ndinaziona ndili patali. Palibe anandifunsa.

Madzulo amenewo amalume anandiuza kuti mayi akukolola okha, ndipo si bwino mlongo wawo azivutika mwana wamwamuna alipo. Anati ndipite ndikathandize, zikatha tidzaona. Anandigulira thumba la shuga ndi nsalu ya mayi, n'kundiuza kuti foni ndipite nayo, ndi yanga. Sanatchule za pepala. Ndinathokoza mogwada, monga ndinaphunzitsidwira, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti kukolola kumatha koma ine sindidzaitanidwa.

Anandiperekeza ndi msuweni, pa njinga ya bambo ake. Msewu wa ku Katuli ndi wa mabampu, choncho ndinayenera kumugwira m'chiuno njira yonse, chikwama chili pakati pathu. Ankayendetsa bwino, akuzemba maenje asanawafike, ndipo ankandikambira nkhani mokuwa zimene mphepo inkandilanda. Atanditsitsa analonjera mayi mwaulemu, anakana chakudya ponena kuti shopu ili yotseka, n'kubwerera. Mayi anafunsa kuti ndabwera masiku angati. Ndinati amalume anena kuti tidzaona.

Voisi ina yochokera kwa amalume sinabwerenso. Ntchito yanga ya ulembi inatha tsiku limene ndinatsika panjingapo, pa 3 mwezi wa Shawwal, wotsatira Ramadhani, chaka chimene Idi inapeza chimanga chili m'munda.